Meseji yofunsira malata ku hadiweya: funsani mtundu ndi kukhuthala musanatumize ndalama

Ine ntchito yanga ndi ya madenga, ndakhoma malata ambiri ndithu, ndipo chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kufika pa saiti n'kupeza mwini nyumba wagula kale malata, awaunjika bwinobwino pakhonde ali wosangalala, ine kungonyamula limodzi dzanja langa n'kundiuza kuti awa si omwe munthuyu analipira. Ukafunsa kuti munagula bwanji, yankho limakhala lomwelomwelo, ndinangolemba meseji ku hadiweya kuti muli ndi malata a geji 28, iwo anati alipo, ine n'kutumiza ndalama basi. Ndiye ndati ndilembe mmene meseji imeneyi iyenera kulembedwera, makamaka kwa inu amene mukumanga muli kutali, kaya muli ku Joni kaya muli mtauni koma nyumba ikumangidwa kumudzi, chifukwa inuyo malatawo simuwagwira ndi manja, chomwe muli nacho ndi foni yokha.

Zinachitikira mlongo wanga weniweni. Iye ali kunja, nyumba ikumangidwa kwathu, anafuna kuti denga likwere mvula ya Novembala isanayambe. Analemba mzere umodzi wokha, muli ndi 28 wa mafiti 14? Kushopu anayankha kuti alipo ambiri mayi, oligino. Malata anabwera pa lole madzulo, mmawa mwake ndinakwera nalo limodzi padenga, nditangoponda pakati pa mapulanga awiri linabonyoka phazi langa n'kusiya chidindo chake pompo. Ndinatsika, n'kubwereka sikelo ya munthu wogula chimanga, tinapima lata limodzi linakwana makilo 7 ndi theka, pomwe ndimayembekezera pafupifupi makilo 9. Titabwerera kushopu anati kwawo ameneyo ndiye 28, ndipo pa lisiti panangolembedwa kuti malata 26 basi, popanda mtundu popanda mamilimita, ndiye panalibe pogwira. Anakhomedwa omwewo titawonjezera mapulanga, ndalama zina n'kupitanso.

Vuto linali funso lake. Funso loti muli ndi akutiakuti limayankhidwa ndi mawu amodzi, alipo, ndipo wogulitsa aliyense amene akufuna kasitomala adzati alipo. Osamuuza yankho lomwe mukufuna kumva. Mufunseni kuti iyeyo akuuzeni zomwe zili m'sitolo mwake lero, mtundu ndi mtundu, chilichonse ndi nambala yake. Zonse ndilembe pansipa zachokera pamenepa.

Choyamba, musanagwire n'komwe foni, khalani pansi ndi kalipentala wanu akupatseni zinthu zitatu, kapangidwe ka lata komwe mukufuna, kutalika kwake, ndi kutalika kwa denga lonse. Kapangidwe ndikunena ngati mukufuna malata wamba amizeremizere aja tinakulira nawo, kapena IBR amene ali ndi mizere yamakona, kapena aja ooneka ngati matailosi. Kutalika kuno timawerenga mafiti, 8, 10, 12, 14, ndipo a IBR malo ambiri amakudulirani pa mita molingana ndi muyeso womwe mwapereka. Ndipereke chitsanzo chomwe titsatire mpaka kumapeto, nyumba ya mamita 9 mulitali ndi mamita 7 mulifupi, denga logwera mbali ziwiri. Kuchokera pamwamba pa denga kutsika mpaka kudutsa khoma pang'ono pamakwana pafupifupi mamita 4.2 denga likakhala losatsetsereka kwambiri, ndiye lata la mafiti 14 limakwana lokha osalumikiza chifukwa mafiti 14 ndi mamita 4.27. Mulitali mwa denga tikawonjezera masentimita 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo tikupeza mamita 9.6. Manambala awiri amenewa, mafiti 14 ndi mamita 9.6, alembeni papepala. Chiwerengero cha malata musachitchule kaye mu meseji yoyamba, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Chachiwiri ndi kumvetsa inu eni nkhani ya geji, apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe anthu amagwera. Geji imayenda chobwerera, nambala ikamakula lata likupyapyala. 32 ndi wopyapyala kwambiri, 30 ali pakati, 28 ndi wokhuthalako, 26 ndi wokhuthala kuposa onsewa. Ambiri izi amazidziwa, ngakhale ndinakumanapo ndi bambo wina amene anasankha 32 akuganiza kuti watenga wamphamvu. Koma chomwe ambiri sadziwa n'choti geji si muyeso womwe mungauike pa chida n'kuwerenga, ndi dzina chabe, ndipo dzinali makampani ndi mayiko amalimasulira mosiyana. M'malonda a chigawo chathu chino kawirikawiri 32 amakhala cha m'ma 0.20 a milimita, 30 cha m'ma 0.25, 28 cha m'ma 0.30 kapena kuposerako pang'ono, 26 cha m'ma 0.40. Koma pa matebulo a ku Amerika geji 28 ya chitsulo chokutidwa zinki ndi pafupifupi 0.47, mukuona kusiyana kwakeko? Ndiye ngati dzina limodzi lingathe kutanthauza 0.47 kwina ndi 0.30 kuno, palibe choletsa munthu wosaona mtima kulikokera pansi mpaka 0.25 n'kumalitchabe 28. Milimita sakokeka choncho. 0.30 ndi 0.30 kulikonse, ndipo pali kachida kotchedwa maikulomita kamene kamapana m'mphepete mwa lata n'kukuonetsani nambala. N'chifukwa chake mu meseji yanu mawu oti geji mutha kuwatchula, koma pambali pake pazikhala funso la mamilimita nthawi zonse.

Pali kena kakang'ono pa mamilimita omwewo. Lata ndi chitsulo chapakati, pamwamba pake amakutapo zinki kapena aluminiyamu wosakaniza ndi zinki kuti lisachite dzimbiri, ndipo akalipenta pamabweranso penti. Ena akamati 0.30 amawerenga zonse pamodzi, pa chidindo mudzaona zilembo TCT, ena amawerenga chitsulo chokha ndipo amalemba BMT. Zokutirazo zimatha kudya pafupifupi 0.04, ndiye 0.30 TCT mkati mwake muli chitsulo cha 0.26 basi. Si chinyengo ayi, ndi kawerengedwe chabe, koma mukamafananiza mashopu awiri onetsetsani kuti onse akunena chinthu chimodzi. Mwini shopu wamng'ono mwina zilembozi sazidziwa, musamukakamize kuzifotokoza, chithunzi cha chidindo chidzakuyankhani.

Chachitatu ndi nkhani ya mtundu, kapena kuti kampani. Pa lata limodzi nthawi zambiri pamakhala mayina awiri. Pali kampani yomwe inapanga chitsulocho n'kuchikuta, chimabwera chokulungidwa ngati mkeka waukulu, koyilo, ndiye pali kampani ina kapena fakitale yaing'ono yomwe inagula koyiloyo n'kuidutsitsa pa makina kuti ikhale ndi mizere ndi kuidula. Mwachitsanzo Chromadek ndi dzina la chitsulo chopentedwa chopangidwa ndi ArcelorMittal ku South Africa, koma pakamwa pa anthu lata lililonse lamtundu, lobiriwira kaya lofiira kaya lamakala, limatchedwa kulomadeki ngakhale koyilo yake inachokera kwina kotheratu. Chimodzimodzi IBR, si kampani, ndi kapangidwe ka mizere, aliyense wokhala ndi makina ake atha kupanga IBR wopyapyala kapena wokhuthala. Ndiye munthu akakuyankhani kuti tili ndi IBR kulomadeki sanakuuzeni mtundu uliwonse, wangokuuzani kuti lata ndi lamakona ndipo ndi lopenta. Kuno kwathu kuli makampani odziwika opinda malata monga Safintra, kulinso ang'onoang'ono ambiri, komanso malata olowa kuchokera kunja. Ine sindikuuzani kuti gulani awa siyani awo, ndakhomapo abwino ochokera ku fakitale yaing'ono yosatchuka n'komwe. Chomwe ndikufuna n'choti dzinalo lilembedwe, kuti mawa zikavuta mudziwe kolowera.

Tsopano lembani meseji. Yambani ndi moni ndithu, munthu ameneyu mukufuna akutayireni nthawi apite kuseri kukatembenuza malata ndi kujambula, sangachite zimenezo kwa munthu amene wangoti mtengo wa malata ngati akulankhula ndi makina. Dzitchuleni, nenani komwe mukumanga mwachidule, kenako mafunso muwaike ndi manambala kuti asalumphe lina. Ine ndimalemba chonchi.

Mwadzuka bwanji bwana. Ndine kalipentala, ndikufolera nyumba ya achemwali anga ndipo tikufuna kugula malata sabata ino. Tisanabwere ndimati mundithandize zomwe zilipo m'sitolo panopa, osati zooda.
1. Muli ndi malata a makampani ati? Chonde tchulani onse omwe alipo.
2. Kampani iliyonse, ndi okhuthala mamilimita angati malinga ndi chidindo cha pa lata?
3. Ndi amizere wamba kapena IBR, openta kapena osapenta?
4. A mafiti 14 alipo angati a mtundu uliwonse?
5. Lata limodzi likakhomedwa limaphimba mamilimita angati mulifupi?
6. Mtengo wa limodzi pa mtundu uliwonse.
Ngati n'kotheka munditumizire chithunzi cha chidindo cha kuseri kwa lata chooneka bwino manambala. Zikomo kwambiri, ndidikira.

Onani kuti mmenemo sindinanene kuti ndikufuna 28, sindinanene ndalama zomwe ndili nazo, ndipo sindinanene kuti malata angati. Ndangoti sabata ino kuti adziwe kuti ndine wogula weniweni osati wongocheza. Ngati mwini shopu ndi mayi lembani kuti mayi kapena amayi, ngati ndi munthu womudziwa achimwene zikwanira, zinazo musasinthe. Ndipo ikhale meseji yolemba, pa WhatsApp kapena meseji wamba, osati kuimba foni kapena voisi, chifukwa zolankhula zimauluka koma zolemba mutha kumuonetsa tsiku lotenga katundu kuti bwana si izi munalemba Lachiwiri.

Mawu oti osati zooda ndi ofunika kwambiri musawachotse. Mashopu ambiri sasunga malata ochuluka, makamaka openta, amadikira mulipire ndiye apite kukatenga kwa wamkulu, ndipo akakapeza mtundu womwe munagwirizana watha amatenga womwe ulipo, inu mudzauzidwa lole itafika kale pakhomo. Kuoda pakokha si koipa, IBR wodula pa muyeso amaodedwa ndithu, koma muyenera kudziwa kuti mukuoda ndi kuti zitenga masiku angati. Funso la nambala 4 lilinso ndi ntchito yomweyo, shopu itha kukhala ndi malata abwino 10 okha, otsalawo n'kukudzaziranipo a kampani ina, ndiye padenga mizere osagwirizana, pena kulowana bwino pena kusiya mpata wolowa mphepo ndi madzi. Kwa openta n'zoipirapo chifukwa kubiriwira kwa kampani iyi si kubiriwira kwa kampani inayo, denga limaoneka ngati chigamba.

Funso la nambala 5 ndi lomwe anthu amaliona ngati losafunika koma ndi lomwe limasintha bajeti. Malata safanana mulifupi. Amizere wamba alipo otambalala omwe akakhomedwa ndi kulowana amaphimba mamilimita 762, aliponso opanikiza omwe amaphimba 610 okha, pomwe IBR yemwe timamudziwa amaphimba 686. Tibwerere ku denga lathu la mamita 9.6 lija. Mukagawa 9600 ndi 762 mukupeza 12.6, ndiye malata 13 mbali imodzi, 26 denga lonse. Mukagawa ndi 686 ndi malata 14 mbali imodzi, 28 onse. Koma mukagawa ndi 610 mukupeza 15.7, malata 16 mbali imodzi, 32 onse. Ndiye taonani, shopu ina ikuuzani mtengo wotsika pa lata limodzi inu n'kusangalala, osadziwa kuti kumeneko mugula malata 6 owonjezera, ndi misomali yake yomwe. N'chifukwa chake ndinati chiwerengero musachitchule poyamba, chiwerengero chimabwera mukadziwa mulifupi. Ngati wogulitsa sakudziwa nambalayi muuzeni angoika tepi pa lata kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete ajambule, kapena awerenge mizere, kalipentala wanu adzachotsera yekha polowana.

Mukatumiza dikirani yankho, ndipo liwerengeni modekha chifukwa mayankho amabwera mitundumitundu. Labwino limaoneka chonchi, tili ndi a kampani yakuti osapenta 0.25 ndi 0.30, a mafiti 14 a 0.30 atsala 40, mulifupi akuti, mtengo wakuti, kenako zithunzi ziwiri zitatu. Munthu wotere ngakhale mtengo wake ukwereko pang'ono ine ndimapita kwa iyeyo. Lina limabwera loti alipo onse bwana bwerani mudzaone, ameneyu sikuti ndi wakuba, mwina watanganidwa ndi makasitomala kapena foni ili ndi mnyamata wa pakauntala amene sadziwa, ndiye mubwezereni mwaulemu ndi funso limodzi lokha lomwe sangalizembe.

Zikomo bwana, ndibwera ndithu, koma ndili kutali ndiye ndisanakwere galimoto mungondijambulira chidindo cha pa malata a mafiti 14 omwe muli nawo, chioneke dzina ndi mamilimita.

Ndiye pali yankho lachitatu lomwe limandichenjeza, loti ndi 28 oligino musadandaule, mukafunsanso mamilimita akubwerezanso kuti 28 yeniyeni, mukapempha chithunzi akutumizirani mulu wa malata chapatali kapena chithunzi cha nyumba yokongola chotengedwa kwina. Mukafunsa kawiri nambala osabwera, siyani, lemberani shopu ina. Ndipotu meseji yoyamba ija itumizeni ku mashopu atatu tsiku limodzi osasintha mawu, mayankho mukawaika pamodzi papepala mudzaona nokha amene akudziwa katundu wake.

Chithunzi cha chidindo chikabwera chikulitseni. Chidindo chimakhala kuseri kwa lata kapena chammphepete, mzere wa zilembo zing'onozing'ono wobwerezabwereza kutsika ndi lata, pena chidindo cha inki chachikulu pakati. Mukuyang'ana dzina la kampani, nambala ya mamilimita, ndipo ngati pali chilembo Z kapena AZ chotsatana ndi nambala chiwerengeninso. Z ndi zinki yekha, AZ ndi aluminiyamu ndi zinki, ndipo nambalayo ndi magalamu a zokutira pa sikweya mita kuphatikiza mbali zonse ziwiri, ndiye AZ150 wakutidwa kwambiri kuposa AZ100 kapena AZ70, Z275 kuposa Z100. Izi n'zosiyana ndi kukhuthala. Kukhuthala kumakuuzani ngati lata lipirire mphepo, phazi la munthu ndi msomali, pomwe zokutira zimakuuzani kuti dzimbiri lidzayamba liti. Mutha kugula lata lokhuthala koma lokutidwa mopyapyala n'kuona likufiira patangopita zaka zochepa, makamaka pa khitchini ya nkhuni, pa khola la nkhuku kapena posungira feteleza pomwe mpweya wake umadya chitsulo. Ngati pali chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS ndi bwinonso. Lata lopanda chidindo chilichonse si kuti basi ndi loipa, koma palibe amene waliikira umboni, ndiye limenelo musalilipire musanalipime.

Kupimako kuli njira ziwiri. Yachidule ndi maikulomita, mashopu akuluakulu ndi mafakitale amakhala nayo, mutha kulemba kuti bwana mungapane lata limodzi ndi maikulomita mundijambulire? Apane malo osalala osapindika, osati pakona podulidwa pomwe chitsulo chimatukuka n'kuonjezera nambala. Ngati palibe, sikelo imagwira ntchito, yomwe ija yokoloweka yogulira mbewu bola ikhale yoona. Chitsulo chokhuthala 0.1 milimita chimalemera pafupifupi makilo 0.785 pa sikweya mita. Lata lisanapindidwe mizere limakhala lotambalala kuposa mmene mukulionera, otambalala aja ambiri amachokera ku koyilo ya masentimita 91 kapena 92, mutha kutsimikiza poyendetsa ulusi mokwera ndi kutsika m'mizeremo kenako n'kuuyeza ulusiwo pa tepi. Lata la mafiti 14 ndiye ndi 4.27 kuchulukitsa ndi 0.914, pafupifupi masikweya mita 3.9. Likakhala la 0.30 lilemere pafupifupi makilo 9, la 0.25 pafupifupi 7.7, la 0.20 pafupifupi 6. Theka la kilo kapena kuposerako pang'ono musakangane nalo, zokutira za aluminiyamu n'zopepuka ndipo sikelo nazo zimasiyana, la 0.30 lotulutsa 8 ndi theka ine ndimalandira. Koma likatsika pansi pa 8 limenelo si 0.30, ndi mmene ndinagwirira a mlongo wanga aja. Kuti sikelo isakunamizeni pimani atatu kapena asanu pamodzi n'kugawa, ndipo muwasolole pakati pa mulu osati apamwamba okha. Valani magolovesi, m'mphepete mwa lata mumacheka ngati lezala.

Mwina mukufunsa kuti nanga ndisankhe ati akandipatsa mndandanda. Maganizo anga ndi awa, nyumba yogona anthu musatsike pansi pa 0.30 kwa amizere wamba ngati thumba likulola, ndipo IBR ndimakonda kuyambira 0.40 chifukwa malo ake osalala aja akakhala opyapyala amaonetsa kubonyoka kulikonse ndipo amalira ndi mphepo. 0.25 amatheka, nyumba zambiri zafoleredwa ndi ameneyo, koma muuzeni kalipentala asanakhome mapulanga kuti awayandikizitse, ndipo matabwa owonjezerawo muwawerengere pa mtengo. 0.20 ndi wa mpanda, bafa, shedi yongoyembekezera. Lata lopyapyala limang'ambika pozungulira msomali, mphepo ya mkuntho ikalowa pansi pa denga imalikoka, bowo n'kukula, msomali kutsala pa thabwa lata n'kupita, ndipo ngakhale lisanapite mabowo okulawo ndi omwe amayamba kudontha chaka chachiwiri chachitatu.

Mukasankha, bwererani ndi meseji yachiwiri yotsekera, iyi ndiye imene mumatchula chiwerengero. Lembani zonse mwa inu nokha kuti iye angovomera.

Bwana zikomo chifukwa cha zithunzi. Nditenga malata 26 a kampani yakuti, amizere wamba osapenta, 0.30 milimita, mafiti 14, ophimba 762, onse a mtundu umodzi ngati a pachithunzi chija. Munditumizire koteshoni yolemba zimenezi zonse pamodzi ndi malijesi ndi misomali, ndipo pa lisiti padzalembedwenso dzina la kampani ndi mamilimita. Achimwene anga adzabwera kudzaona ndi kupima asanapakire. Ngati ena adzapezeke osiyana tidzabweza, mukuvomera?

Dikirani alembe kuti eya ndavomera. Malijesi, zotsekera pamwamba pa denga zija, mufunsenso kukhuthala kwake chifukwa kawirikawiri ndi pomwe amakupatsani chopyapyala kwambiri poti palibe amene amafunsa, ndipo denga la mamita 9.6 limayamba kudontha pamwamba pomwepo. Ndalama yonse musatumize pa Airtel Money kapena Mpamba munthu wanu asanaone katundu, ngati akufuna ya chikole kuti akusungireni perekani pang'ono, yotsalayo ilipidwe malata akuwerengedwa kukwera galimoto. Amene mwamutumayo mumutumizire zithunzi zija ndi meseji yonse, atembenuze malata angapo aone ngati chidindo chikufanana, awerenge yekha, ayezenso kutalika kwa limodzi ndi tepi poti mafiti 14 nawonso pena amaperewera.

Ayang'anenso pakati pa malatawo ngati pali zoyera ngati ufa kapena madontho akuda. Malata osapenta akaunjikidwa panja madzi n'kulowa pakati pawo amachita dzimbiri loyera lomwe limadya zinki lata lisanakwere n'komwe padenga, ndipo izi zimachuluka miyezi ya mvula m'mashopu osungira katundu pabwalo. Mutha kuwonjezera mzere umodzi mu meseji yoyamba ija kuti kodi amasungidwa mkati kapena panja, makamaka mukamagula kuyambira Disembala mpaka Malichi. Akafika kwanu nanunso musawagoneke pansi pa dothi kapena pafupi ndi matumba a simenti ndi feteleza, ikani matabwa pansi, mbali imodzi ikwereko kuti madzi azitsika, ndipo ngati anyowa panjira asiyanitseni aume musanawaunjikenso.